Kanema wotsanzikana ndi mphunzitsi amene akupuma ntchito: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene makomiti a sukulu, aphunzitsi ndi magulu a ophunzira akale a kuno ku Kasungu amafunsa kawirikawiri akafuna kukonza kanema woti aonetse pa tsiku lotsanzikana ndi mphunzitsi wawo. Takhazikika kwambiri pa sikiripiti, kutanthauza pepala lolembapo mawu onse amene amveke m'kanema ndi zithunzi zimene zioneke pa nthawi iliyonse.

Tiyambe ndi chiyani, kulemba kapena kujambula?

Yambani ndi kumvetsera. Kanema wa mtundu uwu amamangidwa ndi zimene anthu akukumbukira, ndipo mawu a wofotokoza ndi luzi longomangira zinthuzo pamodzi. Mukayamba ndi kulemba, mudzalemba mawu oyamikira amene angakwanire mphunzitsi aliyense, kenaka n'kumakakamiza anthu kuti anene zogwirizana ndi pepala lanu.

Dongosolo lothandiza ndi la masabata anayi. Sabata yoyamba musonkhanitse nkhani ndi zithunzi. Yachiwiri musankhe nkhani ndi kulemba sikiripiti. Yachitatu mujambule, ndipo yachinayi mulumikize kanema ndi kumuyesa pa chipangizo chimene mudzaonetsere. Ngati mwambo uli kumapeto kwa teremu yachitatu, yambani msanga kuposa pamenepa, chifukwa nthawi imeneyo aphunzitsi amene mukufuna kuti ayankhule amakhala atatanganidwa ndi mayeso ndi kuchonga.

Kanema atalike bwanji, ndipo tilembe mawu angati?

Mphindi 6 mpaka 8 ndi zokwanira. Kumbukirani kuti pa mwambo pamakhala kale mapemphero, zoyankhula za ahedi, a komiti, a mfumu ndi a PEA, kwaya, magule ndi mphatso. Kanema wa mphindi 20 amapeza anthu atatopa, ndipo ana amayamba phokoso asanafike pakati.

Mawu a Chichewa ndi aatali. Munthu wowerenga modekha amatha mawu pafupifupi 90 mpaka 100 pa mphindi imodzi. Musadalire chiwerengero ichi chokha: mupatseni wofotokoza wanu ndime imodzi, awerenge mokweza, inu mukuyang'ana wotchi ya pa foni. Mu kanema wa mphindi 6, wofotokoza asapitirire mphindi 2, ndiye kuti mawu pafupifupi 190 basi. Ambiri amadabwa kuti ndi ochepa chonchi. Ndi tsamba losadzaza n'komwe, ndipo nthawi yotsalayo ndi ya anthu amene anakhala m'kalasi mwa aphunzitsiwo.

Nkhani tizipeze kwa yani, ndipo tifunse bwanji?

Funsani anthu 10 kapena 12, podziwa kuti m'kanema mulowa anayi kapena asanu. Asakhale a chaka chimodzi. Pezani wina wa zaka zoyambirira za ntchito, wina wa pakati, mwana amene ali pa sukulu panopa, mphunzitsi mnzawo amene anagwira nawo nthawi yaitali, ndi kholo limodzi. Musathamangire okhawo amene ali pa ntchito zapamwamba ku Lilongwe. Mlimi wa fodya amene amadziwerengera yekha pepala la malonda a mabelo ake, kapena mayi wa geni ya tomato pa msika amene salakwitsa chenji, nayenso ndi chipatso cha kalasi lomwelo, ndipo anthu a pa mwambo amamudziwa.

Mafunsidwe ndiwo amapha kapena kudzutsa nkhani. Mukafunsa kuti, "Aphunzitsiwa ndi munthu wotani?" aliyense adzayankha kuti ndi abwino, olimbikira, okonda ana. Funsani zinthu zimene munthu anaziona ndi maso kapena kuzimva ndi makutu:

"Mawu amene ankakonda kunena akalowa m'kalasi ndi ati?"

"Tiuzeni za tsiku limodzi lokha limene simuliiwala. Munali sitandade chani, munakhala pati?"

"Ndi chiyani chimene mumachita lero chimene munatengera kwa iwo?"

Munthu akayankha mwachidule, musalumphire funso lina. Nenani kuti, "Kenaka chinachitika n'chiyani?" ndipo mudikire. Nkhani yeniyeni nthawi zambiri imabwera pa yankho lachiwiri.

Kwa amene akuti aiwala, akumbutseni ndi zaka zimene aliyense kuno amazidziwa. Chaka cha 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'dziko lonse, ndipo makalasi ambiri anasamukira pansi pa mitengo. Njala ya 2002 inavuta kwambiri m'boma lino. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Mukangoti, "Nthawi ya njala ija munali m'kalasi mwawo?" munthu amayamba kukumbukira yekha.

Talemba, koma anthu akuti zikumveka ngati mbiri ya pa maliro. Talakwitsa pati?

Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse, ndipo limachokera m'malo atatu.

Poyamba ndi mneni. Mukalemba kuti "anali munthu wokonda ana, ankapemphera, anali wodzichepetsa," khutu la Mchewa limamva malemu, chifukwa ndi mmene timawerengera mbiri pa maliro. Aphunzitsiwo ali moyo, akhala pa mpando wa kutsogolo. Khalidwe lawo linenedwe ngati la lero: "ndi okonda ana." Ntchito yawo inenedwe ndi mneni woonetsa kuti zotsatira zake zilipobe: "mwatiphunzitsa," "mwalera mudzi uno." Mneni wa kale, monga "ankatitengera" kapena "anabwera," musiyireni nkhani ya tsiku lenileni limene linadutsa.

Kachiwiri ndi kayalidwe. Kuyamba ndi "anabadwa chaka chakuti, m'mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, m'banja la ana angapo," n'kutsiriza ndi "asiya ana angapo ndi zidzukulu," ndi msewu wa mbiri ya maliro. Yambani ndi chinthu cha pa sukulu, belu kapena bolodi, ndipo mawu akuti "asiya," "atisiya," "tidzawasowa mpaka kale" ndi "apume mu mtendere" asapezeke paliponse. Nenani "akupuma ntchito" mokwanira, osangoti "akupuma."

Kachitatu ndi nyimbo ndi zithunzi. Nyimbo ya kwaya yoyenda pang'onopang'ono pamodzi ndi chithunzi cha nkhope chimene chikuzimirira pang'onopang'ono, ngakhale mawu atakhala abwino, zimagwetsa anthu nkhope. Musalembenso zaka ziwiri zokhala ndi kamzere pakati pansi pa chithunzi chawo, chifukwa ndi mmene timalembera pa mtanda wa kumanda. Lembani kuti "Zaka 35 ali m'kalasi."

Njira yoyesera ndi yosavuta. Werengerani sikiripiti munthu wachikulire amene sakudziwa za mwambowo, osamuuza kanthu. Akafunsa kuti "amwalira liti?" lembaninso.

Wofotokoza azinena chiyani, ndipo azisiyira ena chiyani?

Wofotokoza ali ndi ntchito zitatu: kunena zaka ndi malo, kudutsitsa omvera kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina, ndi kutembenukira kwa aphunzitsiwo kumapeto. Kuyamikira asiyire anthu a nkhani zawo. Asanenenso zimene munthu wotsatira akudzanena. Ngati mayi wina afotokoze za yunifolomu imene aphunzitsi anamusokera, wofotokoza asayambe ndi "aphunzitsiwa ankathandiza ana osowa." Angotsegula khomo, monga "Chaka chimenecho panali mtsikana wina amene anasiya kubwera," kenaka akhale chete.

Mwambi ukhale umodzi m'kanema yense, woyenera munthuyo. Kwa mphunzitsi wa sitandade 1, "m'mera mpoyamba" ukukwanira. Miyambi itatu yotsatizana imamveka ngati mayeso a Chichewa.

Wofotokoza akhale munthu amene aphunzitsiwo adzazindikira mawu ake. Wophunzira wawo wakale wowerenga bwino amaposa munthu wa mawu a pa wayilesi amene sakuwadziwa.

Mungatipatse chitsanzo cha sikiripiti yonse?

Tiyerekeze mayi amene anaphunzira uphunzitsi ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu, anayamba ntchito mu 1990 kudera la Chamama, kenaka anasamukira kudera la Santhe, ndipo zaka zambiri aphunzitsa sitandade 1. Mwafunsa anthu 11. Anthu 6 mwa iwo, osapangana, atchula chinthu chimodzi: ankagwira dzanja la mwana n'kumalemba naye pa mchenga. Chinthu chimene chabwerezedwa chonchi ndicho mutu wa kanema. Nkhani zina zosakhudzana nacho, ngakhale zili zokoma, zisiyeni kapena muzipereke kwa oyankhula pa mwambo.

Gawani tsamba pawiri ndi mzere. Kumanzere lembani zooneka, kumanja zomveka, ndipo m'mphepete masekondi.

Masekondi 20 oyamba pasakhale mawu. Pazioneka chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo, mwana akuchimenya, ana akuthamangira pa mzere. Kenaka wofotokoza, masekondi 35, zithunzi zakale zikudutsa:

"Belu ngati ili lalira m'mawa uliwonse, ndipo kwa zaka 35 mayi athuwa akhala akulimva ali kale pa khomo la kalasi. Anayamba mu 1990, ali mtsikana wongochoka ku koleji. Mu 1994 ana anadzaza mpaka kusefukira panja. Makope sanakwane, mapensulo sanakwane. Chimene chinakwana ndi mchenga wa pansi pa mtengo, ndi chala cha mwana aliyense."

Apa alowe bambo wa chaka cha 1994, masekondi 40, afotokoze yekha. Mawu ake musamulembere. Pa sikiripiti mungolemba chiganizo choyambira ndi chomalizira, kuti wolumikiza kanema adziwe podula, monga kuyambira pa "Ine dzanja langa linali lamanzere" mpaka pa "mpaka lero ndimalemba ndi lomwelo."

Wofotokoza abwerenso masekondi 25:

"Ana a pansi pa mtengo aja anakula. Madamu anasamukira ku Santhe, ndi katundu pa ngolo. Kumeneko anapeza makalasi a njerwa, koma anapezanso chaka chimene ana ankabwera ku sukulu osadya, ena osabwera n'komwe. Rejisitala inkaitanidwa, mayina ena osayankhidwa."

Atsatire anthu awiri, masekondi 40 aliyense: mayi amene aphunzitsiwo anamulondola kwawo atajomba sabata ziwiri, ndi kholo. Ikani nkhani yolemetsa mtima pano pakati, osati kumapeto. Kenaka wofotokoza apepukitse ndi masekondi 20 olowetsa mphunzitsi mnzawo, amene anene nkhani yoseketsa ya mu ofesi ya aphunzitsi kwa masekondi 40. Ana a sitandade 1 a chaka chino aimbe kanyimbo ka a, e, i, o, u kamene amaimba nawo, masekondi 30.

Masekondi 40 omaliza a wofotokoza ndi pamene mawu amatembenuka, kuchoka pa "iwo" kupita pa "inu":

"Madamu, Lolemba likubwerali belu lidzalira, inu muli kumunda kwanu kapena mukumwa tiyi mosathamanga. Koma mukapita ku chipatala, amene adzalembe dzina lanu ndi dzanja limene munaligwira. Mukapita ku msika, wowerenga chenji ndi wanu. Mwatigwira dzanja tonsefe. Lero tabwera kuti nafenso tigwire lanu. Zikomo, Madamu. Tizibwera kudzakuonani, ndipo mutisungire mtedza."

Masekondi 30 otsala ndi a mayina a amene anathandiza. Zonse pamodzi ndi masekondi 360. Kutembenukira kwa "inu" kuchitike kamodzi kokha. Mukasinthasintha pakati, omvera amasokonezeka kuti akuuzidwa ndani.

Tiwatchule bwanji m'kanema? Nanga kulonjera akuluakulu?

Dzina lonse linenedwe kamodzi ndi kulembedwa pa kanema kamodzi, mutatsimikiza kalembedwe kake kwa a pabanja. Pambuyo pake gwiritsani ntchito limene anthu amawaitanira mwaulemu: Madamu, aSala, aHedi, kapena la mfunda monga aPhiri, aBanda, Anaphiri. Nthawi zonse ndi "iwo" ndi "inu," ngakhale woyankhulayo tsopano ndi bwana wamkulu.

Kulonjera a gulupu, a PEA, abusa ndi alendo ena ndi ntchito ya woyendetsa mwambo. Mukaika m'kanema mumadya mphindi yathunthu, ndipo mlendo mmodzi akalephera kubwera kanemayo amalonjera mpando wopanda munthu.

Ophunzira akale ambiri akukamba za chikwapu ndi dzina limene ankawanena mseri. Tiike?

Za chikwapu samalani. Pa mwambo pamakhala ana a sukulu a lero, ndipo m'gulu la akuluakulu mungakhale wina amene kwa iye sinali nkhani yoseketsa. Ngati munthu akufuna kunena kuti aphunzitsiwo ndi osalola zachibwana, mufunseni chimene chinasintha mwa iye, monga kusiya kuchedwa, ndipo mutenge mbali imeneyo.

Dzina lowanena lilowe pokhapokha ngati aphunzitsiwo akulidziwa ndipo amaseka nalo. Funsani akunyumba kwawo kapena mnzawo wapamtima. Likakhala lochokera pa thupi, kayendedwe kapena kayankhulidwe, lisiyeni.

Zina zosayenera kulowa ndi matenda, ngongole, mikangano ya pa sukulu, ndale ndi nkhani ya ndalama za penshoni. Pa nkhani ya mwana amene anathandizidwa chifukwa cha umphawi kapena umasiye, mwini wake ainene yekha. Wina asamutchule dzina. Ana a sukulu asanajambulidwe, ahedi adziwitse makolo, makamaka ngati kanemayo adzaikidwa pa intaneti.

Zithunzi zakale tili nazo zitatu zokha. Tidzaza ndi chiyani?

Zitatu zikukwana ngati chilichonse chikhala masekondi 5 kapena 6. Zina jambulani lero: manja awo akugwira choko, rejisitala yakale, mtengo umene ankaphunzitsirapo, njira yochokera kunyumba ya aphunzitsi, njinga yawo. Chilichonse mujambule masekondi 10 foni itakhazikika, kuti wolumikiza akhale ndi podula.

Chithunzi cha pepala chijambuleni pa mthunzi masana, chitagona pa tebulo, osayatsa kuwala kwa foni chifukwa kumasiya banga loyera pakati. Chibwezeni kwa eni ake tsiku lomwelo. Pa chithunzi cha gulu, funsani ngati muli ena amene anamwalira, kuti musachiike pamene pakunenedwa nthabwala.

Chifukwa chiyani mawu amene tajambula sakumveka bwino?

Nthawi zambiri foni inali kutali. Ikhale chogona, yokhazikika pa tebulo kapena pa mulu wa mabuku, pa mtunda wosapitirira mita imodzi kuchoka pa munthu. Kalasi lopanda anthu la simenti ndi malata limabweza mawu, ndiye munthu amamveka ngati ali m'mgolo. Chipinda chaching'ono chokhala ndi makatani, mabuku kapena matumba chimamveka bwino. Panja, mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imawomba pa maikolofoni n'kuphimba mawu, nyenje za mu Okutobala zimalira kuposa munthu, ndipo phokoso la mvula pa malata limavuta kwambiri kulichotsa m'kanema. Jambulani m'mawa, kuseri kwa khoma, kuwala kukuchokera kutsogolo kwa munthu osati kumbuyo kwake.

Musanamulole munthu kupita, mvetserani ndi mahedifoni. Mawu a wofotokoza ajambulidwe paokha, ndime iliyonse kawiri. Polumikiza, nyimbo itsike kwambiri pamene munthu akuyankhula. Yesani pa sipika ya foni: ngati mukuchita kutchera khutu kuti mumve mawu, nyimbo yakwera.

Nanga amene ali kutali, ku Joni kapena ku Blantyre?

Atumizireni malangizo anayi okha: foni chogona, masekondi osapitirira 40, nkhani imodzi, ndi tsiku lomaliza kutumiza. Auzeni kuti asayambe ndi kulonjera kwautali, chifukwa mudzadula. Pa WhatsApp atumize ngati Document kuti kanema asafinyidwe n'kuoneka mbuu pa khoma. Mafoni ambiri akamajambula pa 1080p amadya malo opitirira 100 MB pa mphindi, choncho kwa amene bandulo ikuwavuta, 720p ikukwanira. Wina akangotumiza mawu okha, alandireni ndipo muike chithunzi chake pamwamba.

Amene akuchokera kumpoto kwa boma lino, monga ku Nkhamenya, akafuna kuyankhula Chitumbuka asiyeni atero. Munthu amakumbukira bwino m'chinenero chimene ankaliriramo ali mwana. Lembani Chichewa pansi, mizere isapitirire iwiri, zilembo zikuluzikulu.

Aphunzitsiwo aone kanema tsiku lisanafike?

Kanema akhoza kukhala wowadzidzimutsa, koma sikiripiti iwerengedwe ndi munthu mmodzi wa pabanja pawo. Iye atsimikize zaka, mayina a sukulu ndi ndondomeko ya kusamuka kwawo. Chaka cholakwika chimamveka m'gulu nthawi yomweyo, ndipo anthu amayamba kunong'onezana m'malo momvetsera. Auzeninso a pabanjawo ngati muli nkhani yogwetsa misozi, kuti wina akhale nawo pafupi.

Pa tsiku loonetsa tikonzekere chiyani?

Pulojekita siioneka panja masana, ngakhale pansi pa tenti. Ngati mwambo uli pa bwalo, konzani kuti gawo la kanema lichitikire m'kalasi, mu holo ya TDC kapena m'tchalitchi, mazenera atatchingidwa ndi zitenje zakuda kapena mabulangete. Malo oterowo akasowa, TV yaikulu pa mthunzi imaoneka bwino kuposa pulojekita. Mawu alumikizidwe ku sipika za mwambo ndi waya, chifukwa sipika ya laputopu siifika ngakhale mzere wachitatu.

Sungani kanema ngati MP4 pa fulashi ziwiri ndi pa foni imodzi. Muyeseni dzulo lake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pa zipangizo zomwezo ndi m'chipinda chomwecho. Jenereta ikhale ndi mafuta ndipo iikidwe kutali, ndi waya wautali, kuti isaphimbe mawu. Wofotokoza abwere ndi sikiripiti ya pa pepala, ndipo awiri mwa anthu a nkhani zija akhale okonzeka kuimirira. Magetsi akavuta, iye awerenge ndime zake zinayi pa maikolofoni kapena ndi pakamwa chabe, iwo anene nkhani zawo pamalo pomwe zinayenera kulowa.

Pa pulogalamu, kanema abwere zoyankhula za alendo zitatha, mphatso zisanayambe. Akatha, woyendetsa mwambo asathamangire kuitana aphunzitsiwo kuti ayankhule. Kwaya iimbe nyimbo imodzi kaye kuti apezenso mawu. Fulashi imodzi ndi sikiripiti yosindikiza, yosainidwa ndi onse amene anayankhula, ziikidwe mu envulopu ndi kuperekedwa pamodzi ndi mphatso zina.